Zikwi Zinayi Zimene Banku Inadula

Chaka chimene mwana wanga woyamba anayamba kukwawa, kachewere anabereka bwino kwathu ku Domwe, kuno ku Mozambiki. Ndinali kukhala kuchimuna, pakhomo pa apongozi anga, chifukwa amuna anga anali ku mzinda wa Tete kumene ankaponda matope pa zomangamanga. Munda tinalima pamodzi, ine ndi apongoziwo, iwo mizere yakumtunda, ine yakumunsi. Titagulitsa kwa anthu a malole, iwo anapeza mametikali zikwi khumi ndi zitatu, ine zikwi zisanu ndi zitatu. Tinagwirizana kuti ndalamazo zisakhudzidwe mpaka mvula itayandikira, tidzagule adubu, feteleza uja amati a ku Malawi.

Kusunga ndalama m'nyumba tinkaopa. Chaka chapitacho mbala zinaboola khoma kwa aneba athu. Ndiye tsiku lina la msika kunabwera mnyamata wa banku ya ku Ulongwe, ndi tebulo ndi ambulera yaikulu, akutsegulira anthu makonta osungiramo ndalama. Ankafuna chiphaso cha boma. Apongozi chawo chinali chitatha ntchito kalekale, changa chinali chatsopano. Iwo eni ndiwo anandikankha pamsana.

"Pitani inu, muli ndi maso a sukulu," anatero.

Sukuluyo ndinalekeza kalasi yachinayi. Dzina langa ndimalemba, manambala ndimawerenga, Chinyanja ndimawerenga pang'onopang'ono. Chipwitikizi chapapepala chimandidutsa. Mnyamatayo anali wansangala, akulankhula mofulumira, akuloza ndi cholembera: apa, apa, ndi apa. Ine ndinkasayina. Anandifunsa nambala ya foni ya ku Mozambiki kuno, ndinamupatsa. Sindinamuuze kuti nambala imeneyo sitiigwiritsa ntchito, chifukwa sanandifunse, ndipo ine sindine munthu woyamba nkhani ndi mwamuna wachilendo. Kwathu kumalire netiweki ya ku Malawi ndiyo imagwira m'nyumba. Yakwathu uyenera kukwera pachulu. Choncho kakhadi ka foni ka ku Malawi kamakhala m'foni, kakwathu kankakhala m'kachitini pamodzi ndi singano ndi mabatani.

Sabata yotsatira ndinapita ku Ulongwe, ndinaika zikwi makumi awiri ndi chimodzi, ndinalandira kartawu kotulutsira ndalama. Ndinakakulunga m'pulasitiki n'kukaika pansi pa sutikesi. M'mutu mwanga banku inali ngati nkhokwe yomata bwino. Chimene waikamo, ukapanda kutapa, uchipeza. Miyezi isanu ndi iwiri sindinapondeko.

Mitambo itayamba kusonkhana ndinabereka mwana n'kukwera shapa, minibasi ya ku Ulongwe. Pa makina otulutsa ndalama ndinapempha mlonda wa pakhomo kuti andionetse podina kuti ndione zimene zilimo. Kapepala kanatuluka. Kanati 17,000.

Ndinawerenga katatu. Ndinadinanso, kanatuluka kena konena zomwezo. Mlonda uja, bambo wachikulire wa mano otalikirana, anandiyang'ana.

"Zachepa?"

"Eya."

"Lowani mukafunse. Saluma."

Sindinalowe. M'katimo munali pozizira, pansi ponyezimira, ndipo mapatapata anga anali ndi fumbi. Mwana anali atayamba kulira. Ndinaopanso kutapa, poganiza kuti ndikatapa ndiye kuti ndavomera kuti zimenezo ndizo zanga. Ndinakwera shapa n'kubwerera chimanjamanja.

Apongozi anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinagwada n'kuwauza. Anapitiriza kusankha.

"Zikwi zinayi," anatero.

"Eya, amayi."

"Kartawu amasunga ndani?"

"Ine."

"Manambala achinsinsi aja amadziwa ndani?"

"Ine."

"Nanga banku ili ndi manja?"

Sanandikalipire. Apongozi anga si munthu wokweza mawu. Anangoyang'ana nsalu imene ndinavala. Inali yatsopano, ndinagula nditagulitsa ndowa ziwiri za nyemba zanga, iwo akudziwa. Tsiku limenelo anaiyang'ana ngati akuiona koyamba.

Pasanathe masiku atatu nkhani inali ili pamjigo. Ndikafika, amayi ankasiya kulankhula, kenaka wina ankayamba za mtengo wa mchere. Mmodzi, wapakamwa pake, anandiuza akundithandiza kusenza ndowa: "Nsalu yabwinotu iyi. Ya ku banku?" Anzake anaseka chamumtima. Amuna anga anaimba foni. Anati, "Ngati unabwerekako chifukwa cha vuto, ungonena, ndidzabweza ine." Ankaganiza kuti akundichitira chifundo. Mawu amenewo anandipweteka kuposa a pamjigo.

Kuyambira pamenepo ndalama sizinalinso chinthu chachikulu kwa ine. Ndinkafuna kuti pakhomo pamene ndinakwatiwa adziwe kuti sindine wakuba.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinadikira aphunzitsi ena opuma pantchito, amene amalembera anthu makalata a ku maofesi. Ndinaima pafupi nawo nthawi yaitali mpaka iwo anazindikira.

"Mwana wanga, waima ngati mtengo. Pali milandu?"

Ndinawapatsa timapepala tiwiri tija, ndi mapepala amene ndinalandira potsegula konta. Anavala magalasi, anawerenga akugwedeza milomo.

"Usapite kukalira," anatero. "Misozi saiika m'fayilo. Upemphe zinthu zitatu. Choyamba estratu, pepala losonyeza chilichonse cholowa ndi chotuluka kuyambira tsiku loyamba. Chachiwiri, akulembere papepala kuti chilichonse chimene adula n'cha chiyani, ndipo unavomera pati. Chachitatu, chimene sunavomere abweze. Akakuyankha pakamwa pokha, upemphe buku la madandaulo. Banku iliyonse ili nalo, ngakhale ena amalisunga ngati mankhwala a mkazi wachiwiri."

Anandilembera kalata m'Chipwitikizi, makope awiri, n'kundiwerengera m'Chinyanja kuti ndidziwe chimene ndikusayina. Anandiuza kuti kope limodzi ndisiye, linalo alidinde chidindo ndi tsiku, ndibwere nalo. Ndinawapempha kuti andiperekeze. Anakana. Anati mawondo awo sagwirizana ndi shapa, ndiponso konta ndi yanga, banku silankhula ndi munthu wina za konta ya mwini.

Ulendo wachiwiri ndinalowa. Ndinakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Mayi wa pa kauntala anali wa kummwera, Chinyanja sankachidziwa. Ndinati "estratu" monga anandiphunzitsira, mawu anatuluka ang'onoang'ono. Anandifunsa kanthu, sindinamve. Anaitana mlonda uja kuti amasulire.

"Akuti la mwezi uno n'laulere, koma la miyezi yonseyo n'lolipira. Adula mu konta momwemo."

"Adulenso?"

"Akuti ndi mmene zilili."

Ndinavomera. Makina analira, mapepala awiri anatuluka. Mayiyo anazunguliza mizere ndi cholembera, akulankhula, mlonda akumasulira. Mwezi uliwonse ankadula katatu. 150 ya kusunga konta. 60 ya mauthenga a pafoni ondiuza ndalama zikalowa kapena zikatuluka. 290 ya seguru, inshuwalansi imene amati ikanathandiza pamaliro anga. Ndipo kamodzi anadula 500 ya kartawu ya chaka chonse. Palibe mzere ngakhale umodzi wosonyeza kuti munthu anatapa.

"Mauthenga ake ati?" ndinafunsa mlondayo. "Sindinalandirepo."

Mayiyo anatembenuza kompyuta n'kundionetsa nambala. Inali ya kakhadi ka m'kachitini kaja. Mwezi ndi mwezi banku inkandiuza kuti yadula, ndipo inkandilipiritsa chifukwa chondiuza, koma inkauza mabatani ndi singano. Nditakayesa kunyumba ndinapeza kakhadiko katafa kale chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

"Nanga za maliro? Ine sindinapemphe."

Mlonda anamasulira, anamvera yankho, anakanda m'mutu. "Akuti zili m'gulu la zinthu zimene munasayina. Akuti mwamva, mukhoza kupita."

Kumbuyo kwanga anthu anali atayamba kung'ung'udza. Bambo wina wa jekete anati, "Amayi, ena tili ndi ntchito." Thupi langa lonse linkafuna kuchoka. Koma ndinaganiza za pakhonde pa apongozi, ndipo ndinatulutsa kalata ija n'kuiika pa kauntala. Ndinati, "Buku la madandaulo." Sanamve. Ndinabwereza. Mlonda anamasulira asanafunsidwe, ndipo anakweza mawu kuposa mmene ine ndinanenera.

Anandikhazika pampando wa pakona. Ndinayamwitsa mwana pomwepo, nditafunda nsalu. Patapita nthawi anatuluka ajerenti, mkulu wa nthambiyo, bambo wonenepa wa ku Tete amene Chinyanja chake chinali chosakanizika ndi Chinyungwe. Sanali munthu wamwano. Anakhala pafupi nane, anatsina tsaya la mwana mosewera.

"Mama, buku la chiyani? Tikambirane ngati anthu. Mitengo yonse ili pakhoma apo, aliyense amaona."

Ndinayang'ana pakhomapo. Panali mapepala ambiri m'galasi, zilembo zake ngati nyerere.

"Ndikufuna mulembe," ndinatero.

"Ndakufotokozerani kale."

"Kwathu sakamva za pakamwa panga."

Ajerenti anafunsa, "Ndalama ndi za ndani?"

"Zina ndi za apongozi."

Anapumira m'mwamba. "Apongozi ndiye banku yaikulu," anatero, n'kuseka yekha. Anatuma kuti bukulo libwere. Popeza sindikanatha kulemba Chipwitikizi, analola kuti mtsikana wina wa sukulu amene anali pamzere akopere mawu a m'kalata ija m'bukumo, ine ndisayine. Anandipatsa kope la tsambalo, anadinda kalata yanga. Anandisayinitsanso mapepala awiri oletsa seguru ndi mauthenga. Ulendo uno ndinapempha mlonda andiuze chimene chili papepala lililonse ndisanagwire cholembera. Ajerenti anati yankho lichokera ku likulu lawo, ndidikire mpaka masiku makumi atatu, lidzafikira pa nthambi pomwepo. Ndisanachoke ndinatapa zikwi khumi ndi zitatu za apongozi, zonse, ndi zanga zogulira adubu.

Ndinawapatsa ndalamazo madzulo amenewo pamodzi ndi estratu. Ndalama anawerenga kawiri n'kuzimanga pansonga ya nsalu. Pepala analigwira, analitembenuza, anandibwezera.

"Ili likuti chiyani?"

"Likuti palibe anatapa. Ndi banku inkadula."

"Mukutero ndinu."

"Latero ndi pepala, amayi."

"Pepala ndikulimva ndi pakamwa panu."

Ndinati tipite kwa aphunzitsi akatiwerengere. Anati si aphunzitsi omwewo anakulemberani kalata? Anati ngati banku inadyadi ndalama popanda chilolezo, ibweze, pamenepo adzaona ndi maso. Ndinazindikira kuti mlandu wanga wonse wakhala pa kubwezako.

Mvula inagwa. Apongozi anagula adubu wawo n'kuthira mizere yakumtunda. Ine zanga zotsala sizinakwane. Ndinagula thumba limodzi, ndinathira motsinira, ndipo mizere yakumapeto inangodzalidwa chomwecho. Aliyense wodutsa panjira ankaona pamene munda wa apongozi ukuthera ndi pamene wanga ukuyambira, chifukwa masamba ankasiyana mtundu. M'nyumba tinkadyerabe pamodzi, koma kiyi wa chipinda chosungira mbewu, amene kale ankakhala pamsomali, anayamba kukhala m'chiuno mwawo. Ndikafuna nyemba za ndiwo ndinkapempha.

Masiku makumi atatu atakwana ndinapita. Msewu unali matope, shapa inatitimira kawiri, amuna ankatsika kukakankha. Ndinafika masana. Mayi wa pa kauntala anafufuza m'kabati n'kupukusa mutu. Yankho linali lisanabwere. Ajerenti anali ku msonkhano ku Tete. Mlonda anandiuza chapansipansi kuti ndisunge nambala yake ya foni, ndizimuimbira kaye ndisanawononge ndalama ya shapa. Ndinailemba pachikhatho ndi cholembera chake. Pobwerera mwana anatentha thupi chifukwa cha mvula ya panjira, ndipo apongozi anati, "Mwanayu mumupha ndi maulendo a zikwi zinayi."

Nditaimba kachitatu, patapita masabata ena awiri, mlonda anati envulopu yanga yafika.

Ajerenti anandiwerengera okha, mzere ndi mzere, chala chili papepala. Kalatayo inali ya masamba awiri, ya chidindo. Inandandalika mwezi uliwonse ndi chimene chinadulidwa. Ya kusunga konta ndi ya kartawu, inati zili m'pangano limene ndinasayina ndi pa mitengo yopachikidwa, sizibwezedwa. Ya mauthenga, inati ndinasayina, nambala ndinapereka ndekha, mauthenga ankatumizidwa, sizibwezedwa. Ya seguru, inati atafufuza apeza kuti pa fomu yake panali chizindikiro chosankha koma panalibe siginecha yanga, choncho abweza ya miyezi isanu ndi iwiri, 2,030, ndipo yalowa kale mu konta.

"Ndiye kuti mnyamata wa ambulera uja anangochonga yekha?" ndinafunsa.

"Kalata sinanene choncho, mama. Yati panalibe siginecha."

Anandiuzanso, monga kalatayo inanenera kumapeto, kuti ngati sindinakhutire ndikhoza kukadandaula ku banku yaikulu yoyang'anira mabanku onse, imene ili ndi ofesi ku Tete, nditatenga makope a zonse. Ndinawerengera m'mutu ulendo wa ku Tete ndi mwana, ndi zimene maulendo anayi a ku Ulongwe anali atadya kale. Ndinatapa zonse zimene zinali mu konta n'kupempha kuti aitseke. Anati pali mtundu wina wa konta wosadula zambiri, wa anthu ngati ine. Mwina zinali zoona. Ndinati ndidzaganiza.

Ulendo uno apongozi anavomera kupita kwa aphunzitsi. Tinapita Loweruka, iwo patsogolo, ine pambuyo. Aphunzitsi anawerenga kalata yonse m'Chinyanja, osadumpha, ndi zija zosandikomera zomwe. Kenaka ndinaika 2,030 pamphasa, ndi kapepala ka banku kosonyeza kumene zachokera.

Apongozi anaziyang'ana. "Zabwera theka."

"Theka linalo si iye anadya, mayi," anatero aphunzitsi. "Mwamva nokha. Ndi mtengo wa banku. Mwanayu sanatapepo ngakhale kobiri."

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Ndati ndamva, aphunzitsi. Sanabe. Koma munthu wosayina chimene sakuchidziwa, n'kutsekera foni m'chitini, timutcha chiyani?"

Aphunzitsi anavula magalasi. "Timutcha ngati tonsefe. Inu mukanawerenga?"

"N'chifukwa chake sindinasayine."

Pobwerera anayenda pambali panga, osati patsogolo. Pafupi ndi mlatho anaima, anamasula mwana kumsana kwanga n'kumubereka iwo. Anati ndalama zabwezedwazo ndigulire adubu wobereketsa, mwina mizere yapakati ingapulumuke. Amenewo ndiwo anali mawu awo onse pankhaniyi, ndipo ndikudziwa kuti kwa munthu ngati iwo si mawu ochepa. Amuna anga nditawauza pafoni anati, "Ndinkadziwa ine." Sindinawakumbutse zimene ananena poyamba.

Koma kuba kwanga kunanenedwa pagulu, ndipo kusaba kwanga kunawerengedwa m'nyumba ya aphunzitsi, pamaso pa anthu atatu ndi mwana. Ndinadikira kuti apongozi akanene kwa amayi amene anawauza poyamba paja. Ndinadikira sabata, mwezi. Sindinawapemphe, chifukwa mtengwa sauza apongozi ake kuti pitani mukabweze mawu anu. Ndinaganizapo zopita nayo ndekha kalatayo kwa amayiwo, koma ili m'Chipwitikizi, ndipo ndikanaima pakati pawo n'kuyamba kulankhula, mawu akanandithawa.

Itatha nyengo yokolola, amayi a m'mudzi mwathu anayambitsa gulu losonkha ndalama sabata ndi sabata. Pamafunika anthu atatu osunga makiyi a bokosi, ndi mmodzi wodziwa manambala wolemba m'buku. Pa amayi onse amene tinakhala pansi pa mtengo tsiku limenelo, odziwa kulemba manambala bwinobwino tinali awiri. Wina anatchula dzina langa. Kenaka mayi wina wachikulire anati, "Ameneyu ali ndi mwana wamng'ono, tisamulemetse." Ena anavomereza msangamsanga.

Apongozi anali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene ndinakhala. Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana pansi, akuchotsa chisoso pa nsalu yawo, kamodzikamodzi. Gulu linasankha mayi wina wodziwa manambala uja, ndipo ine ndinapereka chopereka changa cha sabata imeneyo, iye analemba, ndinabwerera pamalo panga.